NDCG: muyeso woweruzira mndandanda wa zotsatira za kafukufuku

NDCG ndi muyeso umene akatswiri amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati pulogalamu yofufuzira yasanja bwino zimene yapeza. Munthu akalemba funso pa intaneti, pa kompyuta ya ku laibulale kapena pa sitolo ya pa foni, salandira yankho limodzi lokha. Amalandira mndandanda, ndipo maso ake amayambira pamwamba kutsikira m'munsi. Anthu ambiri safika patali. Amawerenga zoyamba ziwiri kapena zitatu, akapanda kupeza chimene akufuna amalemba funso lina kapena amangozisiya. Choncho kupeza chikalata chabwino n'kosakwanira ngati chikalatacho chayikidwa pamalo amene wofufuza sadzafikapo. NDCG imatenga mndandanda wonse n'kuupatsa nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 1. Nambala 1 imatanthauza kuti palibe kasanjidwe kena koposa kameneko, pamene 0 amatanthauza kuti pa malo onse amene awerengedwa palibe chothandiza ngakhale chimodzi.

Muyesowu unachokera ku Finland. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Tampere, Kalervo Järvelin ndi Jaana Kekäläinen, anaufotokoza koyamba pa msonkhano wa SIGIR m'chaka cha 2000, ndipo mu 2002 anaulemba mwatsatanetsatane, n'kuwonjezerapo gawo lomaliza limene limachititsa kuti nambala isapitirire 1. Miyeso yotchuka ya nthawi imeneyo inkagawa zikalata pawiri pokha: chothandiza ndi chosathandiza. Kagawidwe kotere kanazika mizu kuyambira pa ntchito ya Cyril Cleverdon ku Cranfield, ku England, m'zaka za m'ma 1960, ndipo kanapitirira pa mpikisano wa TREC umene bungwe la NIST la ku America linayambitsa mu 1992. Vuto lake linali lakuti chikalata choyankha funso lonse ndi china chongolikhudza m'mbali zinkalandira mphotho yofanana. Awiri aja anafuna muyeso wozindikira kuti kuthandiza kuli ndi milingo.

Ntchito yonse imayamba ndi anthu, masamu amabwera pambuyo. Oweruza amapatsidwa funso ndi mulu wa zikalata, ndipo chikalata chilichonse amachipatsa malikisi. Kawirikawiri malikisiwo amayambira pa 0 kulekeza pa 3: 0 ngati chikalata chilibe kanthu pa funsolo, 1 ngati chikungolikhudza, 2 ngati chikuyankha mbali yaikulu, ndi 3 ngati chikuyankha kwathunthu. Malikisi amenewa ndiwo amatchedwa phindu la chikalata.

Chitsanzo chongopeka chionetsa bwino mmene zimayendera. Munthu walemba kuti akufuna kudziwa mmene angatetezere chimanga kwa anankafumbwe. Oweruza awerenga zikalata 8. Ziwiri zikufotokoza zonse, kuyambira kuumitsa, kutonola, kuthira mankhwala mpaka kusunga m'matumba osalowa mpweya, ndipo zalandira 3. Chimodzi chikukamba za mankhwala okha, chalandira 2. Ziwiri zikukamba za kamangidwe ka nkhokwe n'kungotchula anankafumbwe modutsa, zalandira 1. Zitatu zotsalazo ndi za mitengo ya chimanga pa msika ndi za feteleza, zalandira 0. Mapulogalamu awiri, A ndi B, afunsidwa funso lomwelo, ndipo malikisi a zotsatira zawo zisanu zoyambirira ali chonchi:

```
A: 3, 2, 3, 0, 1
B: 0, 1, 2, 3, 3
```

Njira yapafupi ndiyo kungophatikiza malikisi. Mndandanda wa A ukupereka 9, wa B ukuperekanso 9, chifukwa onse apeza zikalata zomwezo. Koma wofufuza amene wapatsidwa mndandanda wa B wayamba n'kuona mitengo ya chimanga, kenako nkhani ya nkhokwe, ndipo mwina watseka foni asanafike pa chikalata chachinayi. Wa A wapeza yankho pa mzere woyamba. Kuphatikiza kokha sikuona kusiyana kumeneku.

Apa m'pamene pamalowa kuchotsera. Monga mmene tomato wogona pa benchi amatsikira mtengo, chikalata nacho chimataya gawo la phindu lake chikamapita m'munsi. Malikisi a chikalata chilichonse amagawidwa ndi nambala imene imakula malo akamatsika, ndipo zotsalazo n'zimene zimaphatikizidwa. Chotulukapo chimatchedwa DCG, ndipo m'mabuku ambiri amasiku ano chimalembedwa motere:

```
DCG@k = Σ rel_i / log2(i + 1),   i = 1 ... k
```

Chilembo cha `i` chikuimira malo a chikalata pa mndandanda, `rel_i` ndi malikisi ake, ndipo `k` ndi pamene kuwerenga kwalekezera, pano pa 5. Mawu akuti `log2` asaopse munthu. Ndi logarizimu, imene imangofunsa kuti pakufunika ma 2 angati ochulukitsana kuti afike pa nambala yapatsidwayo. Pa 2 yankho ndi 1, pa 4 ndi 2, pa 8 ndi 3, pa 16 ndi 4. Motero chikalata cha pa malo oyamba chimagawidwa ndi 1, kutanthauza kuti sichitaya kanthu. Cha pa malo achitatu chimagawidwa ndi 2, chimatsala ndi theka. Cha pa malo a 7 chimagawidwa ndi 3, cha pa malo a 15 ndi 4. Malo a pakati amakhala ndi manambala a pakati: achiwiri 1.58, achinayi 2.32, achisanu 2.58.

Chifukwa chosankhira logarizimu chikuonekera m'manambala omwewo. Kuchotsera kumakhala kwakukulu pamwamba, kenako kumafatsa. Kuchoka pa malo oyamba kupita pa achiwiri chikalata chimataya zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lake, koma kuchoka pa malo a 9 kupita pa a 10 kusiyanako n'kochepa kwambiri. Ngati chikalata cha malikisi 3 chisinthana malo ndi cha 0 pa mizere iwiri yoyamba, DCG imatsika ndi 1.11. Kusinthana komweko pa mizere ya 9 ndi 10 kumangotsitsa ndi 0.04. Izi zikugwirizana ndi mmene anthu amawerengera, ngakhale kuti tiyenera kunena mosabisa kuti logarizimu sinachokere pa kuyeza maso a owerenga. Inasankhidwa chifukwa imatsika mosalala ndiponso siifulumira kupha phindu la zikalata za m'munsi.

Mndandanda wa A ukuwerengedwa chonchi. Malo oyamba akupereka 3. Achiwiri akupereka 2 kugawa ndi 1.58, ndiye 1.26. Achitatu akupereka 3 kugawa ndi 2, ndiye 1.50. Achinayi sakupereka kanthu, ndipo achisanu akupereka 0.39. Zonse pamodzi ndi 6.15. Mndandanda wa B ukupereka 0, kenako 0.63, 1.00, 1.29 ndi 1.16, zonse pamodzi 4.08. Zikalata ziwiri za malikisi 3 zimene zapatsa A phindu la 4.50 zangopatsa B 2.45, chifukwa chakuti zakankhidwira kumapeto.

Komabe nambala ya 6.15 payokha siuza munthu zambiri. Kodi ndi yaikulu kapena yaing'ono? Zimatengera funso. Funso lina likhoza kukhala ndi zikalata zabwino 40, moti ngakhale pulogalamu yofooka imadzaza mizere isanu ndi ma 3 okhaokha. Lina lili ndi chikalata chothandiza chimodzi chokha cha malikisi 1, ndipo pulogalamu imene yachiyika pamwamba yachita zonse zotheka ngakhale DCG yake ndi 1 basi. Manambala oterewa akaphatikizidwa kuti papezeke avereji, mafunso a zikalata zambiri amaphimba anzawo. N'chifukwa chake pali sitepe yomaliza: DCG imagawidwa ndi DCG ya mndandanda wangwiro wa funso lomwelo, imene imatchedwa IDCG.

```
NDCG@k = DCG@k / IDCG@k
```

Mndandanda wangwiro umapangidwa potenga zikalata zonse zimene oweruza anawerenga pa funsolo n'kuzisanja kuyambira cha malikisi apamwamba. Pa funso la anankafumbwe zisanu zoyambirira ndi 3, 3, 2, 1, 1. Zikachotseredwa zikupereka 3, 1.89, 1.00, 0.43 ndi 0.39, zonse pamodzi 6.71. Tsono A akupeza 6.15 kugawa ndi 6.71, ndiye 0.92, pamene B akupeza 4.08 kugawa ndi 6.71, ndiye 0.61. Nambala ya 0.92 sikutanthauza kuti zotsatira 92 pa 100 zilizonse n'zolondola, monga ena amaganizira. Ikutanthauza kuti mndandanda wa A wakolola magawo 92 pa 100 a phindu limene likanatheka kukololedwa pa mizere isanuyo. Pa ntchito yeniyeni masamuwa amachitika pa mafunso ambiri, ndipo chimene chimalengezedwa ndi avereji yake. Ku TREC kwakhala chizolowezi kugwiritsa ntchito mafunso 50 kapena oyandikira pamenepo, ndipo malo olekezera otchuka kwambiri ndi 10, n'chifukwa chake m'malipoti mumapezeka kwambiri `NDCG@10`.

Kugawa komalizaku ndi kumene kumapatsa muyesowu mphamvu, koma ndi komwenso zolakwa zambiri zimabisala. Cholakwa chofala ndicho kupanga mndandanda wangwiro kuchokera pa zikalata zokhazo zimene pulogalamu yabweretsa, m'malo mwa zonse zimene oweruza anawerenga. Tiyerekeze kuti pulogalamu yachitatu, C, yaphonya zikalata zonse zabwino, yabweretsa ziwiri za nkhokwe zija ndi zitatu zopanda ntchito: 1, 1, 0, 0, 0. DCG yake ndi 1.63. Ikagawidwa ndi 6.71 ikupereka 0.24, nambala yoyenerera ntchito yofooka chonchi. Koma wowerengera akangosanja zisanu za C zomwezo kuti apeze mndandanda wangwiro, apeza kuti zasanjidwa kale bwino, IDCG ikhala 1.63, ndipo C alandira 1.00, kuposa A amene anapeza mayankho enieni. Msampha umenewu ndi wosavuta kugweramo. Mwachitsanzo, `ndcg_score` ya mu scikit-learn imapanga mndandanda wangwiro kuchokera pa malikisi amene yapatsidwa, choncho amene wangoipatsa zikalata zimene pulogalamu yake yabweretsa amalandira nambala yokoma yosayenera. Chizindikiro chake n'chakuti mafunso ambiri amapeza 1.00 kapena pafupi pamenepo pamene ogwiritsa ntchito akudandaula kuti sakupeza zimene akufuna. Njira yotsimikizira ndi yapafupi: IDCG ya funso limodzi iyenera kukhala yofanana kwa mapulogalamu onse amene akuyesedwa. Ikamasintha kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, masamu alakwika.

Nkhani yachiwiri ndi yakuti dzina la NDCG limagwiritsidwa ntchito pa mawerengedwe angapo osiyana. M'kalembedwe koyamba ka Järvelin ndi Kekäläinen, kugawa kunali ndi logarizimu ya malo enieniwo popanda kuwonjezera 1, ndipo pogwiritsa ntchito `log2` malo oyamba ndi achiwiri onse sankachotseredwa kanthu. Kusiyana kwakukulu koposa kuli pa phindu. Mu 2005 Chris Burges ndi anzake a ku Microsoft Research anagwiritsa ntchito kawerengedwe kamene kamakweza kwambiri malikisi apamwamba, ndipo kanafala m'makampani ofufuzira pa intaneti:

```
gain = 2^rel - 1
```

M'kawerengedwe kameneka malikisi 0, 1, 2 ndi 3 amasanduka 0, 1, 3 ndi 7. Chikalata cha malikisi 3 sichilinganso ndi zitatu za malikisi 1, chikulingana ndi 7. Kusintha kumeneku kukhoza kutembenuza chigamulo chonse. Pa funso lomwe lija, pulogalamu D yabweretsa 3, 0, 0, 0, 0, kutanthauza yankho limodzi lathunthu pamwamba ndi zinyalala pansi pake. Pulogalamu E yabweretsa 2, 1, 1, 0, 0, zikalata zitatu zothandizako koma popanda yankho lathunthu. Malikisi akawerengedwa monga alili, D akupeza 0.45 ndipo E akupeza 0.47, E wapambana. Akawerengedwa m'njira ya Burges, IDCG ikukwera kufika pa 13.73, D akupeza 0.51 ndipo E akungopeza 0.30, D wapambana ndi mtunda wautali. Mindandanda ndi yomweyo, oweruza ndi omwewo.

Palibe njira yolondola kuposa inzake pa nthawi zonse, chifukwa iliyonse ikuimira wofufuza wamtundu wake. Mlimi amene chimanga chake chayamba kufumbwa akufuna yankho limodzi lokwanira, ndipo kwa iye D wagwira ntchito. Wophunzira amene akusonkhanitsa zowerenga zolembera nkhani angakonde E. Chimene sichiloledwa ndicho kuyika pamodzi nambala ya m'lipoti lina ndi ya m'lipoti lina popanda kufunsa kuti aliyense anawerengera motani. Pulogalamu ya `trec_eval`, imene ofufuza ambiri amadalira, imatenga malikisi monga alili, ndipo imaitanidwa motere:

```
trec_eval -m ndcg_cut.10 qrels run
```

Fayilo ya `qrels` imasunga malikisi a oweruza, ndipo ya `run` imasunga mndandanda wa pulogalamu imene ikuyesedwa.

Vuto lozama koposa onse lili m'fayilo ya oweruzayo. M'chitsanzo chathu zikalata zinali 8, koma nkhokwe zenizeni za zikalata zimafika mamiliyoni, ndipo palibe gulu la anthu limene lingaziwerenge zonse pa funso lililonse. Ku TREC amachita chonchi: amatenga zotsatira zapamwamba za mapulogalamu onse amene alowa mpikisano, poyamba zinkakhala 100 pa pulogalamu iliyonse, amaziphatikiza mulu umodzi, ndipo oweruza amawerenga mulu wokhawo. Chikalata chimene sichinalowe m'muluwo chimatengedwa ngati cha malikisi 0. Kwa mapulogalamu amene anathandiza kupanga muluwo izi sizivuta kwenikweni, popeza zotsatira zawo zapamwamba zinaweruzidwa. Amene amavulala ndi wobwera pambuyo. Pulogalamu yatsopano yofufuza m'njira yosiyana ikhoza kufukula chikalata chabwino kwambiri chimene akale onse anachiphonya, n'kuchiyika pamalo oyamba, ndipo NDCG ikuilanga ngati yayika zinyalala. Ikulangidwa chifukwa cha chinthu chomwe yaposera anzake. Wofufuza wosamala amawerenga kuti pa zotsatira 10 zoyambirira za pulogalamu iliyonse ndi zingati zimene zili ndi malikisi a oweruza. Ngati ina ili ndi 10 zonse zoweruzidwa pamene inzake ili ndi 6 zokha, kusiyana kwa NDCG zawo sikunganene kuti yabwino ndi iti mpaka 4 zotsalazo zitapita kwa oweruza.

Oweruza nawonso sagwirizana nthawi zonse. Chimene wina wachipatsa 2 mnzake amachipatsa 3, ndipo m'kawerengedwe ka Burges kusiyana kwa sitepe imodzi kumeneku ndi kwa pakati pa 3 ndi 7. Chotonthoza n'chimene Ellen Voorhees wa ku NIST anaonetsa pa zotsatira za TREC: oweruza akasinthidwa manambala amasuntha, koma dongosolo la mapulogalamu, kuti woyamba ndani ndipo wotsatira ndani, limasintha pang'ono pokha ngati mafunso ali ambiri. Kafukufuku wake anali pa miyeso yakale ija, koma phunziro lake likugwiranso ntchito pano. NDCG ndi yodalirika poyerekeza mapulogalamu awiri pa mafunso omwewo ndi oweruza omwewo, osati ngati chiphaso chonena kuti pulogalamu ya 0.70 ndi yabwino kulikonse.

Pali zinanso zimene muyesowu suona n'komwe. Sulanga zinyalala mwachindunji, chifukwa 0 sachotsa kanthu: mndandanda wa 3, 2 wolekezera pomwepo ndi wa 3, 2, 0, 0, 0 amapeza nambala yofanana, ngakhale wachiwiriwo wataya nthawi ya wowerenga. Sudziwanso kubwereza. Ngati zikalata ziwiri za malikisi 3 zija zili nkhani imodzi yosindikizidwa m'malo awiri, NDCG imalipira zonse ziwiri pamene wowerenga sanaphunzire chatsopano pa chachiwiri. Miyeso ina inapangidwa kuti itseke mipata yotere, monga ERR ya mu 2009, imene imachepetsa phindu la chikalata ngati pamwamba pake pali kale china chokhutiritsa. Ndipo funso limene oweruza sanapezepo chothandiza chilichonse lili ndi IDCG ya 0, yomwe singagawidwe nayo nambala. Ena amalichotsa pa avereji, ena amalipatsa 0, ndipo zosankha ziwirizi zimatulutsa ma avereji osiyana.

Avereji nayo imabisa zambiri. Gulu likalengeza kuti pulogalamu yake yatsopano yakwera kuchoka pa 0.61 kufika pa 0.63 pa mafunso 50, kukwera kwa 0.02 kumeneko ndi chimodzimodzi nambala 1 yathunthu yogawidwa pa mafunso onse 50. Nambala 1 imeneyo ikhoza kuchokera pa kusintha pang'ono pang'ono m'mafunso ambiri, kumene kungakhale kupita patsogolo kwenikweni. Ikhozanso kuchokera pa mafunso awiri okha amene akwera ndi 0.5 lililonse pamene 48 otsalawo sanasunthe, kapena pa mafunso 20 okwera ndi 18 otsika amene atsala pang'ono kufafanizana. Njira yodziwira ndiyo kundandalika mafunso onse, kuchotsa nambala yakale pa yatsopano pa funso lililonse, n'kuona kuti opindula ndi angati, otayika ndi angati, kenako kuyesa ndi masamu a chiwerengero ngati kusiyanako sikunangochitika mwamwayi. Mafunso amene atsika kwambiri amafunika kutsegulidwa limodzi limodzi, munthu aone ndi maso chimene chakhala pa mzere woyamba.

Lipoti lopereka nambala ya NDCG liyenera kunena malo amene kuwerenga kwalekezera, kawerengedwe ka phindu kamene lagwiritsa ntchito, kumene mndandanda wangwiro wachokera, ndi kuchuluka kwa zotsatira zapamwamba zimene oweruza sanazione. Nambala yobwera popanda zimenezi singayerekezedwe ndi ina iliyonse.